Mota ikuyenda pokhapokha chala chili pa batani lobiriwira, chithunzi cha makwererochi ndichiwerenge bwanji?

Chikondi: Odi pagulu pano. Ndili pa holide kwa amalume kuno ku Nkhotakota, ali ndi chigayo chopunthira mpunga cha mota ya 7.5 kW. Ukadina batani lobiriwira mota ikuyamba bwinobwino, koma ukangochotsa chala ikuzima. Mnyamata wogaya wapeza nzeru yake, amalowetsa kamtengo m'mbali mwa batanilo kuti likhale lodinika tsiku lonse. Mkati mwa chivindikiro cha bokosi muli chithunzi, ndachikopera apa. Kusukulu ku Senga Bay tangoyamba kumene zithunzi zotere, ndiye zizindikiro ndikuzidziwa koma kuchitsata mpaka kupeza vuto kukundikanika.

```
L                                              N
|---|/|------|/|-----+---| |-----+----( )------|
    95-96    STOP    |   START   |    K1
                     |           |   A1  A2
                     +---| |-----+
                        K1 13-14
```

Ganizani: Batani lobiriwiralo latha, gulani lina. Mabatani a m'zigayo sachedwa kufa ndi fumbi la mankhusu.

Madala Banda: Ayi a Ganizani, batanilo likugwira ntchito yake. Likanakhala lakufa mota sikanayamba n'komwe. Koma tisanapite patali, Chikondi mwanawanga, auze amalume akowo kuti kamtengoko kachoke lero, ngakhale chigayo chiime. Ndifotokoza chifukwa chake tikamaliza kuwerenga, udzachiona wekha pa chithunzi pomwepo.

Tiyambe chonchi. Mizere iwiri yoimirirayo, L kumanzere ndi N kumanja, ndi mbali ziwiri za magetsi. Chimene ukufufuza ndi chimodzi chokha: kodi pali njira yosaduka kuchokera ku L kukafika ku N kudzera pa K1? K1 ili m'kabwaloyo ndi koyilo ya kontakita. Ikalandira magetsi imakhala maginito, imakoka chitsulo, makontaki atatu akuluakulu amalumikizana, mafezi atatu amapita ku mota. Mota yeniyeniyo pa chithunzichi palibe, ili pa chithunzi china cha mawaya akuluakulu. Apa tikungoona chimene chimalamula koyilo.

Ndipo chithunzi chimajambulidwa zonse zili phee: palibe wadina batani, koyilo ilibe magetsi, ovalodi yoteteza mota ku magetsi ochuluka sinagwe. Ndiye ika chala pa L, uyende kumanja, undiuze pomwe waima.

Chikondi: Ndadutsa pa 95-96 chifukwa pali kamzere kopingasa, ndiye kuti ndi NC, polumikizana kale. Pa STOP chimodzimodzi. Ndafika pamphambano. Njira yam'mwamba pali START, ndi yoduka. Yam'munsi pali K1 13-14, nayonso yoduka. Ndaima pamenepo.

Madala Banda: Eya, n'chifukwa chake mota siyenda ngakhale magetsi alipo. Tsopano dina START m'maganizo.

Chikondi: Njira yam'mwamba yalumikizana, magetsi afika pa A1, koyilo yakoka, mota yayamba. Ndikachotsa chala njirayo yadukanso. Apa ndi pomwe ndikusokonekera, chifukwa 13-14 pa pepala ikuonekabe yoduka.

Madala Banda: Taona dzina lalembedwa pa 13-14. Ndi K1, dzina lomwelo la koyilo. Pa zithunzi izi chinthu chimodzi chimajambulidwa m'malo angapo, ndipo chimene chimakuuza kuti ndi chimodzi ndi dzina. Kakontaki ka 13-14 kali m'thupi la kontakita yomweyo, kamayenda limodzi ndi makontaki atatu akuluakulu aja. Koyilo ikakoka, nakonso kamalumikizana. Ndiye pamene chala chako chikadali pa batani, njira zimakhala ziwiri, yam'mwamba ndi yam'munsi. Ukachotsa chala yam'mwamba imaduka, koma yam'munsi ikudyetsabe koyilo. Kontakita ikudzigwira yokha. Pepala silisuntha, ndiwe woyenera kulisuntha m'mutu: koyilo ikangolandira magetsi, bwerera ukasinthe chilichonse chokhala ndi dzina lake, kenako uwerengenso mzerewo kuyambira ku L.

Ukadina STOP, umadula njira pamalo amene nthambi ziwirizo zisanagawikane. Koyilo imasiya, 13-14 imalekana. Ukachotsa chala pa STOP iyo imalumikizananso, koma kutsogolo njira zonse ziwiri ndi zoduka, mota siyambanso. Ndiye tsopano ndiuze, kwa amalume akoko ndi mbali iti ya chithunzi imene sikugwira?

Chikondi: Nthambi yam'munsi! 95-96, STOP, START ndi koyilo zonse zili bwino, chifukwa zikanakhala zowonongeka mota sikanayenda ngakhale chala chili pa batani.

Yohane wa ku Dwangwa: Zoona achemwali, ndi nthambi yam'munsiyo. Nthawi zambiri ndi waya wamasuka pa 13 kapena pa 14 chifukwa cha kunjenjemera kwa chigayo, kapena kakontakiko kadzaza fumbi. Koma ine chithunzichi ndikuchikayikira pa STOP. Kuntchito kwathu, pa pulogalamu, STOP imajambulidwa yopanda kamzere kopingasa, ngati START yomwe. Mwina mwakopera molakwika.

Chikondi: Ndayang'ananso achimwene, kamzereko kalipo.

Mayi Tadala: Pepani ndilowerere. Ife kuno ku Lifuwu pampu yathu nayonso imazima yokha, makamaka masana dzuwa likatentha. Imayenda mwina theka la ola kenako zii. Ukadikira pang'ono n'kudina kabatani kabuluu m'bokosimo, kenako lobiriwira, imayambanso. Ndiye kuti nafenso ndi 13-14 yomweyo?

Madala Banda: Ayi mayi, lanu ndi lina. Yanu ikudzigwira bwino theka la ola, ndiye 13-14 ilibe mlandu. Kabatani kabuluu mukudinako ndi ka ovalodi, ndiye chimene chikuduka ndi 95-96, koyambirira kwa mzere. Ovalodi ili ndi tizitsulo timene timatenthedwa ndi magetsi opita ku mota, tikapindika timadula 95-96, koyilo n'kusiya. Ikukuuzani kuti mota ikukoka magetsi oposa amene inaikidwira. Musamangodina kabuluuko, aitaneni amisiri ayeze maampu pa fezi iliyonse pampu ikuyenda, ayerekeze ndi nambala ili pa kachitsulo ka mota ndi ili pa kagudumu ka ovalodi.

Ganizani: Angokweza kagudumuko pang'ono basi, zimatheka.

Madala Banda: Zimatheka mpaka tsiku lopita nayo mota kokakulungitsa mawaya atsopano. Kagudumuko kamaikidwa pa maampu olembedwa pa mota, osati pamene pasiya kuvuta.

Limbani: Ndibwerere kwa a Yohane, chifukwa akunena zoona koma za chinthu china. Chithunzi cha Chikondi ndi cha mawaya enieni, pamenepo STOP iyenera kukhala NC. Chimene a Yohane amaona ndi pulogalamu ya mu PLC, kakompyuta kolamulira makina. Kumeneko batani lofiira lenilenilo likadali NC, ndiye nthawi zonse likutumiza magetsi ku PLC, ndipo PLC imaona 1 pamene palibe wadina. Chizindikiro cha mu pulogalamu sichikujambula batani, chikufunsa funso. Chopanda kamzere chimafunsa ngati pali 1, chokhala ndi kamzere chimafunsa ngati pali 0. Ndiye pulogalamu yake imaoneka chonchi:

```
|--| |--+--| |--------( )--|
  I0.0  |  I0.1       Q0.0
|--| |--+
  Q0.0
```

I0.0 ndi START, I0.1 ndi STOP, Q0.0 ndi yopita ku koyilo. I0.1 ili pa 1 mpaka wina adine lofiira. Munthu akaika kamzere pa I0.1 poganiza kuti akufanizira ndi batani, mota imakana kuyamba, imangoyamba ukadina mabatani onse awiri pamodzi.

Yohane wa ku Dwangwa: Chabwino, pamenepo ndamva. Komabe bwanji osangogula batani la STOP la NO, loduka mpaka utalidina, n'kuika kamzere mu pulogalamu? Zotsatira zake ndi zomwezo, ndipo wowerenga sasokonekera.

Limbani: Ndi zomwezo tsiku limene zonse zili bwino. Khoswe akadya waya wa batani la NC, PLC imaona 0, mota imaima nthawi yomweyo, mumadziwa kuti pali vuto. Akadya waya wa batani la NO palibe chisintha, makina akuyendabe, mudzadziwa tsiku limene munthu akudina lofiira koma osaima.

Madala Banda: Ndi chifukwa chomwecho pa mawaya enieni. Chilichonse choimitsa chimakhala NC ndipo chimaikidwa mondondozana mumzere, kuti waya akaduka makina aime. Mukafuna STOP yachiwiri pafupi ndi pothirira mpunga, imalowa pakati pa STOP yoyamba ndi mphambano. Mukafuna START yachiwiri, imakhala nthambi yachitatu pamphambano pomwepo. Koma za PLC tizisiye kaye, mwanayu ali ndi chigayo choima. Chikondi, uli ndi mita?

Chikondi: Ndili nayo, yaing'ono ya kusukulu.

Madala Banda: Thimitsa swichi yaikulu yolowetsa magetsi m'bokosimo. Ngati ili ndi pokhomera loko khoma, kiyi akhale m'thumba mwako, osati mwa wogaya. Yesa mita yako pa soketi imene ukudziwa kuti ili ndi magetsi kuti utsimikize kuti ikuwerenga, kenako yeza m'bokosi pa L1, L2 ndi L3, pakati pa iwo okhaokha komanso aliyense ndi waya wa pansi. Ukaona ziro ponse ndi pomwe ulowetse dzanja. Kamtengo kaja kachoke. Ika mita pa kulira kuja, nsonga imodzi pa 13 ina pa 14. Isalire. Kenako kanikiza ndi sikuludalaiva kapulasitiki kapakati pa kontakita kuti kalowe, ilire. Ikalira bwino, kakontaki kalibe vuto, tsata mawaya: wa pa 13 akafike mbali imodzi ya batani lobiriwira, wa pa 14 akafike mbali inayo imene ikupita ku A1.

Chikondi: Madala, ndatsegula. 13 ndi 14 palibe. Kontakita ili ndi mabowo anayi pamwamba, anayi pansi. Atatu alembedwa 1, 3, 5 ndipo pansi 2, 4, 6. Lachinayi lalembedwa 21 NC pamwamba, 22 NC pansi, ndipo mulibe waya. Kumbuyo ndapeza mawaya awiri aang'ono opindidwa, aliyense womatidwa tepi. Amalume akuti kontakita yakale inapsa, munthu wina anabwera kudzaika iyi, ndipo vutoli linayamba tsiku lomwelo. Akuti poyamba ataika inkalira kwambiri ngati ikumenyana, kenako anakonza kuti isiye kulira n'kunena kuti azigwira batani kaye mpaka adzabwerenso.

Yohane wa ku Dwangwa: Haa, basi nkhani yatha. Anagula yolakwika.

Madala Banda: Ndi zimenezo. Makontakita ambiri aang'ono amabwera ndi kakontaki kothandizira kamodzi kokha, ndipo alipo mitundu iwiri yofanana nkhope. Yang'ana nambala ya kutsogolo kwake. Ikathera ndi 10, ili ndi NO imodzi, ya 13-14. Ikathera ndi 01, ili ndi NC imodzi, ya 21-22. Manambala a pa zomangira za makontaki othandizira nawonso amalankhula: othera ndi 3 ndi 4 ndi NO, othera ndi 1 ndi 2 ndi NC.

Tsopano kulira kuja ukhoza kukufotokoza wekha. Tenga chithunzi chako, pa nthambi yam'munsi uikepo kamzere kopingasa, uwerenge.

Chikondi: Ndikuyesa. Ukangoyatsa swichi yaikulu, njira ilipo kale kudzera pa 21-22, ndiye koyilo ikukoka popanda wodina START. Ikakoka, 21-22 ikulekana, koyilo ikusiya. Ikasiya, 21-22 ikulumikizananso, ikukokanso. Ndiye ikungotero osaleka.

Madala Banda: Ndendende. Ndipo nthawi iliyonse ikakoka, mota ikufuna kuyamba. Mota yoyatsidwa mwachindunji chonchi imakoka magetsi ochuluka kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo poyamba. Ya 7.5 kW pa 400V imayenda ndi pafupifupi 15A, ndiye poyamba ikukoka cha m'ma 90A. Makontaki akamamenyana ndi magetsi otere amapsa msanga, nthawi zina amawotcherana n'kumatana. Munthu uja ataona kulirako anachotsa mawaya awiriwo, kulira kunatha, koma nthambi yam'munsi inatheranso pomwepo.

Mayi Tadala: Koma nanga kamtengoko kakulakwa chiyani? Si kakugwira ntchito yomweyo ya 13-14, kusunga njira?

Madala Banda: Funso labwino mayi, ndi lomwe ndinalonjeza. Kusiyana kwake ndi kwakuti 13-14 imalekana koyilo ikasiya, kamtengo sikalekana. Werengani chithunzi START ili yolumikizana nthawi zonse. Mukadina STOP mota iima, koma mukangochotsa chala iyambanso, ndiye lofiira latha ntchito. Magetsi akathima, chigayo chiima, wogaya aganiza kuti ndi mpata wochotsa zinyalala kapena wobwezeretsa lamba. Magetsi akabwera, njira yonse ilipo, mota iyamba dzanja lake lili pa lamba. Pamene 13-14 ili bwino, magetsi akathima koyilo imasiya, ndipo akabwera palibe chiyenda mpaka munthu adine lobiriwira. Kachitatu, ovalodi zambiri zili ndi posankha H kapena A, kudzutsa ndi dzanja kapena kudzidzutsa yokha. Ikakhala pa A, ikagwa n'kuzizira imalumikiza 95-96 yokha, ndipo ndi kamtengo kaja mota iyambanso popanda chenjezo. Inunso mayi mukaone yanu ili pati.

Chikondi: Ya kuno ili pa H. Kamtengo ndakataya, amalume ndawaonetsa pa chithunzi za magetsi kubwera mwadzidzidzi, avomera. Ndiye tigule kontakita ina?

Ganizani: Palibe chifukwa, pali kabulokosi ka makontaki othandizira kokwera pamwamba pa kontakita, kotchipa kuposa yatsopano.

Madala Banda: Apa a Ganizani anena zoona, bola kakhale ka mtundu womwewo wa kontakitayo, chifukwa ka kampani ina sikakwera. Pa kabulokosiko sudzapeza 13-14, nthawi zambiri NO yake imalembedwa 53-54. Ndi yomweyo, taona 3 ndi 4 kumapeto. Mawaya awiri omatidwa tepiwo apita pamenepo, koma uyambe wawatsata ndi mita, usangokhulupirira kuti ndi omwewo. Mmodzi alire ndi mbali ya START yochokera ku STOP, winayo alire ndi A1. Pali kulakwitsa kumene ndimakuopa kwambiri: waya woyambayo akatengedwa kumbuyo kwa STOP, mbali ya 96, nthambi yam'munsi imalambalala mabatani onse awiri. Mota iyamba bwino, idzigwira bwino, aliyense asangalala, koma lofiira silidzaimitsa. Ndiye ukamaliza, yesa lamba atachotsedwa: yatsa, chotsa chala, dina lofiira, yatsanso, thimitsa swichi yaikulu, yatsanso swichiyo uone kuti mota sikuyamba yokha. Ukalembenso 53-54 pa chithunzi cha pa chivindikirocho.

Yohane wa ku Dwangwa: Ine ndikanasintha kontakita yonse. Yamenyana kale ija, makontaki ake akuluakulu ndani akudziwa mmene alili? Fezi imodzi ikamagwira mosakwanira mota imalira, imatentha, mapeto ake ndi kupsa.

Madala Banda: Zikutengera kuti inamenyana nthawi yaitali bwanji. Magetsi ali othimitsa, akanikize kontakita ayeze 1-2, 3-4, 5-6, ndipo akaisiya zonse zilekane. Koma mita yaing'ono imalira ngakhale pa kontaki yopsa, ndiye umboni weniweni ndi kuyeza maampu pa mafezi onse atatu chigayo chikugaya.

Yohane wa ku Dwangwa: Ndiye mwavomera nokha madala kuti mita siona zonse. Mtengo wa kontakita ndi wa mota ndi wosiyana kutali.

Limbani: Chinthu china Chikondi aone asanagule chilichonse ndi koyilo. Chithunzi chikuti L ndi N, kutanthauza 230V. Koma m'zigayo zambiri mulibe nyutilo m'bokosi, koyilo imakhala ya 400V, imadya pakati pa mafezi awiri. Munthu amene anasokoneza 10 ndi 01 akhoza kusokonezanso pamenepo. Nambala yake imalembedwa pafupi ndi A1 ndi A2.

Madala Banda: Zoona. Ndipo zimenezi zimasintha kayezedwe tsiku limene udzafufuze magetsi ali oyaka, pamene uli ndi mmisiri pambali. Koyilo ikakhala ya 400V n'kumayeza ndi nyutilo kapena waya wa pansi, udzaona 230V pa A1 ngakhale START sinadinidwe, chifukwa fezi inayo ikubwerera kudzera m'koyilo. Ambiri asokonekera napo. Njira yosanama ndi kuika nsonga yakuda pa A2, yofiira n'kumayenda nayo monga mmene unayendera ndi chala: pa 95, pa 96, kutsogolo kwa STOP, pa A1. Pomwe nambala yasowa, chodukacho chili kumbuyo kwako.

Chikondi: Koyilo yalembedwa 230V 50Hz, ndipo waya wa pa A2 ndautsata, ukupita ku nyutilo. Nambala ya kutsogolo ikutheradi ndi 01. Kagudumu ka ovalodi kali pa 18A pamene kachitsulo ka mota kakuti 15.2A.

Madala Banda: Tsitsa kafike pa 15. Ikayamba kugwa utatsitsa, usakweze, ubwere utiuze, ndiye kuti pali china, mwina akuthira mpunga wambiri kapena mabering'i atopa.

Ganizani: Kabulokosiko pa boma pa Nkhotakota mwina simukapeza. Yesani ku Dwangwa kapena ku Salima, zikakanika ndi ku Lilongwe. Mutenge chithunzi cha kontakitayo pa foni, nambala yonse ioneke.

Yohane wa ku Dwangwa: Mukafunsenso mtengo wa kontakita yothera ndi 10, koyilo ya 230V, musanasankhe. Ine maganizo anga sanasinthe.

Mayi Tadala: Yathu ndakaona, ili pa A. Ndiisinthe ndekha kapena ndidikire amisiri?

Madala Banda: Kali mkati mwa bokosi pafupi ndi mawaya a 400V, ndiye dikirani amisiri mayi, adzasinthe tsiku lomwelo adzayeze maampu. Pakadali pano aliyense wogwira pampuyo ayambe wathimitsa swichi yaikulu.

Chikondi: Amalume akupita ku Salima mawa m'mawa, ndawalembera zonse ziwiri pa pepala, asankha akaona mitengo. A Limbani, pulogalamu ija ndikufuna ndiimvetse bwino, bwanji START ili koyambirira pamene pa mawaya STOP ndiyo ili koyambirira?

Limbani: Malinga STOP ili kunja kwa nthambi ziwirizo, kutsogolo kapena kumbuyo ndi chimodzimodzi. Chimene chimasintha zinthu ndi kuilowetsa mkati mwa nthambi yam'munsi yokha. Jambulani choncho, mudine onse awiri pamodzi m'maganizo, mundiuze ngati mota iyenda kapena ayi.